Lipoti la msonkhano wa ku Rosettenville: mapu a malo okokoloka a phiri la kwathu

Ndimagwira ntchito yoyeza malo ndi kujambula mapu kuno ku Joni, ndipo kwathu ndi m'boma la Chiradzulu. Gulu lathu la anthu a mudzi umodzi, lomwe linayamba ngati lothandizana pa maliro, linandipempha kuti ndijambule mapu oonetsa malo a paphiri lathu amene nthaka ikhoza kukokoloka kwambiri. Pempholi linabwera namondwe wa Freddy atadutsa mu Marichi 2023. Tonse tinali titaona pa mafoni zomwe zinachitika ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, ndipo kumudzi kwathu minda ingapo inatsala miyala yokhayokha. Ambiri a ife marandi amene timatumiza amathera m'minda ndi m'nyumba za m'mbali mwa phiri lomwelo. Munthu ukamagula feteleza uli ku Joni umafuna kudziwa ngati akulowa m'chimanga kapena akupita kudambo.

Mapuwo ndinawafotokoza Lamlungu lina masana mu Seputembala chaka chomwecho, mu holo ya tchalitchi china ku Rosettenville, pamaso pa anthu oposa 40. Lipotili ndalemba kuti amene sanabwere adziwe zimene ndinanena, komanso kuti wina amene angapemphedwe ntchito yotereyi asagwe m'maenje amene ine ndinagwamo.

Ndinasindikiza mapu atatu pa pepala lalikulu la A1 n'kuwayala pa matebulo. Pulojekita ndinaikana dala. Masiku amenewo magetsi ankathimathima, komanso mapu amafunika kuwagwira ndi chala. Munthu akakhala pampando n'kumayang'ana pakhoma amangogwedeza mutu, koma ukamuika pafupi ndi pepala amayamba kufufuza denga la nyumba ya amayi ake, ndipo apo m'pamene kuwerenga mapu kumayambira.

Mmene ndinayambira kulankhula

A tcheyamani atandipatsa mpata, sindinayambe ndi Chiradzulu. Ndinati: "Makolo anga ndi abale anga, tonse timawadziwa mapiri a mchenga wa m'migodi amene timawaona tikamadutsa pa msewu wa M2 kapena popita ku Soweto. Mukadzadutsanso mudzayang'ane m'mbali mwake pamene palibe udzu. Pamwamba penipeni timizere ta madzi ndi tating'ono ngati tokanda ndi chala. Mukamatsika ndi maso timakula, ndipo pofika pansi tasanduka ngalande zoti munthu angalowemo. Mchenga ndi womwewo, mvula ndi yomweyo, kutsetsereka n'chimodzimodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi. Chasintha n'chiyani?"

Bambo wina amene amagwira ntchito ya m'maluwa ku Northcliff anayankha ali chikhalire kuti madzi achuluka chifukwa akhala akusonkhana m'njira. Ndinawauza kuti afotokoza theka la mapu anga. Nthaka imachoka malinga ndi kupendekeka kwa malo, kutalika kwa ulendo umene madzi ayenda asanafike pamalopo, ndi chimene chaphimba nthakayo nthawi imene mvula ikugwa. Pali zinanso ziwiri, mphamvu ya mvula ndi mtundu wa dothi, zomwe ndinazisiya padera pa zifukwa zimene ndifotokoze.

Kumene manambala anachokera

Kumudzi sindinapiteko. Izi ndinaziulula poyambirira, chifukwa ndinadziwa kuti wina afunsa. Kukwera ndi kutsika kwa malo ndinakutenga ku muyeso wotchedwa SRTM, umene chombo cha m'mlengalenga cha ku America chinayeza mu Febuluwale 2000, ndipo aliyense akhoza kuutenga kwaulere. Muyesowu umagawa dziko m'timabokosi ta mamita pafupifupi 30 mbali zonse, ndipo kabokosi kalikonse kali ndi nambala imodzi yokha, yonena kuti malowo ali pamwamba bwanji kuchokera pa nyanja yamchere. Kabokosi kamodzi ndi masikweya mita 900. Ekala imodzi ili ndi masikweya mita 4,047, ndiye kuti munda wa ekala umakwana timabokosi tinayi ndi theka basi. Ndinawauza kuti agwire nambala imeneyi, chifukwa zofooka zambiri za mapuwa zimachokera pomwepa. Chilichonse chochepa kuposa kabokosi, kaya ndi njira, chulu kapena mgula, kompyuta sichiona.

Kuchokera pa manambala amenewa pulogalamu ya QGIS imawerengera kupendekeka kwa kabokosi kalikonse poyerekeza ndi timabokosi toyandikana nako. Kwa anzanga a ntchito, malamulo ake ndi awiri okha:

```
gdalwarp -t_srs EPSG:32736 -r bilinear dem.tif dem_utm.tif
gdaldem slope -p dem_utm.tif mtsetse.tif
```

Mzere woyambawo musaudumphe. Muyesowu umabwera m'litali ndi m'lifupi muli madigiri pamene msinkhu uli m'mamita, ndipo mukawerengera kupendekeka musanausandutse wonse kukhala mamita, phiri lonse limatuluka ngati khoma loimirira. Komanso kwathu kuli m'chigawo 36 chakummwera, pamene Joni ili m'chigawo 35. Dzanja lozolowera ntchito za kuno limathamangira pa `EPSG:32735`.

Mu holo sindinatchule zimenezi. Ndinatulutsa chingwe cha mamita 5, ndodo ziwiri ndi kalevulo kakang'ono kokoleka pa chingwe kamene amamanga amagwiritsa ntchito. Ndinati peresenti ya kupendekeka si chinthu cha m'kompyuta. Mumangirira chingwe pansi pa ndodo ya kumtunda, n'kuchikoka molunjika kumunsi mpaka kampweya ka mu levulo kakhale pakati, kenako mumayeza kuchokera pa chingwe kufika pansi. Mukapeza masentimita 50, malowo apendekeka maperesenti 10. Mukapeza mita yathunthu, ndi maperesenti 20. Tinayesa pa kanjira kotsetsereka kolowera mu holo, ndipo anyamata awiri omanga nyumba anachita msanga kuposa ine.

Kenako kompyuta imatsata madzi. Pa kabokosi kalikonse imaona kuti koyandikana nako kotsika kwambiri ndi kati, n'kunena kuti madzi apita kumeneko. Ikatero phiri lonse, imatha kuwerenga kuti madzi ofika pa malo alionse ayenda mtunda wotani kuchokera pamsana pa phiri. Pofotokoza msana wa phiri ndinagwiritsa ntchito mzinda uno. Joni anamangidwa pa mtandadza wogawa madzi: mvula yogwa kumpoto kwake imalowa mu Jukskei n'kukathera mu Limpopo, pamene yogwa kuno kummwera imalowa mu Klip n'kupita ku Vaal. Phiri lathu lili ndi misana yotere ing'onoing'ono yambiri, ndipo munda uliwonse uli ndi malo a kumtunda amene amautsanulira madzi.

Kupendekeka ndi kutalika kwa ulendo wa madzi ndinaziphatikiza ndi samu ya mu USLE, njira yowerengera nthaka yokokoloka imene Wischmeier ndi Smith anaifalitsa ku America mu 1978:

```
LS = (λ / 22.13)^0.5 × (65.41 sin²θ + 4.56 sinθ + 0.065)
```

Apa LS ndi nambala yotuluka pa kuphatikizako, λ ndi kutalika kwa mtsetse m'mamita, θ ndi ngodya ya kupendekeka, ndipo 0.5 imagwira pa malo opendekeka maperesenti 5 kupita m'tsogolo. Anthu sindinawaonetse samuyi. Ndinangowauza zinthu ziwiri zimene imanena. Kupendekeka kukawirikiza kawiri, kuchoka pa maperesenti 10 kufika pa 20, nthaka yochoka imawirikiza pafupifupi katatu. Kutalika kwa mtsetse kukawirikiza kanayi, nthaka yochoka imawirikiza kawiri.

Chithunzi cha mwezi wolakwika

Chophimba nthaka ndinachitenga pa zithunzi za setilaiti ya Sentinel-2, imene timabokosi take ndi ta mamita 10. Apa ndi pamene ndinalakwitsa, ndipo ndinawauza anthu mosabisa.

Mapu oyamba ndinawapanga ndi chithunzi cha mu Epulo chifukwa chinali choyera, chopanda mitambo. Anatuluka okongola, obiriwira pafupifupi ponseponse. Ndinawatumiza kwa mphwanga kumudzi pa WhatsApp, ndipo iye anangoyankha kuti, "Malume, ndiye kuti dothi limene ladzadza dimba la agogo lachokera kumwamba?" Mu Epulo chimanga chakula, udzu uli paliponse, ndipo setilaiti imaona nthaka yovala. Koma nthaka yambiri imachoka ndi mvula zoyamba za mu Novembala ndi Disembala, mizere itangounga kumene, zinyalala zitatenthedwa, chimanga chisanakwane n'komwe m'bondo. Dontho la mvula limamenya dothi lamaliseche. Ndinabwereza ntchito yonse ndi chithunzi cha kumapeto kwa Okotobala 2022, ndipo kufiira, komwe kumaonetsa malo okokoloka kwambiri, kunachuluka mpaka ndinachita manyazi ndi mapu oyamba aja.

Pa chithunzicho ndinagawa malo m'magulu anayi: mitengo yothithikana, tchire ndi udzu, minda, ndi malo a mbee monga mabwalo ndi pamene anaumbapo njerwa. Tchire lopsa ndi moto linandivutitsa, chifukwa limaoneka lakuda ngati mthunzi wa phiri. Ndinaliika m'gulu la malo a mbee, popeza mvula yoyamba imalipeza lilibe kanthu.

Mvula ndinaisiya chifukwa dera lonse la mapuwa ndi makilomita 2 m'lifupi ndi 3 m'litali, ndipo ndinalibe muyeso wosiyanitsa mvula ya mbali ina ya mudzi ndi ya mbali inzake. Dothi nalonso ndinalisiya, chifukwa mapu a dothi amene alipo amaika mudzi wonse mu mtundu umodzi, pamene mayi aliyense wolima amadziwa pamene katondo akuthera ndi pamene mchenga ukuyambira. Choncho mapuwa sanena kuti munda wakutiwakuti umataya matani angati pa chaka. Amangoyerekeza malo ndi malo anzake. Wina akadzakuonetsani mapu otere ali ndi matani mpaka kadontho, mudzam'funse kumene anayeza dothi.

Kuwerenga kwake

Ndinawapempha kuti aliyense apeze kaye zinthu zitatu zimene amazidziwa: sukulu, manda ndi mjigo. Pepala tinalitembenuza kuti phiri likhale kutsogolo monga limaonekera munthu akaima pa sukulu, osati kumpoto m'mwamba monga amaphunzitsira m'kalasi. Palibe amene amayenda m'mudzi mwake ndi kampasi.

Sikelo ya mapuwa ndi 1:5,000, kutanthauza kuti sentimita imodzi pa pepala ndi mamita 50 pansi. Izi zimagwira pa pepala la A1 lokha. Mukajambula ndi foni kapena kuchepetsa pa fotokope nambalayo yafa, ndipo mudalire kamzere ka sikelo kali m'munsi, chifukwa iko kamakula ndi kuchepa limodzi ndi mapu.

Mizere yopyapyala yofiirira ndi ya kontuwa. Mzere uliwonse umalumikiza malo a msinkhu wofanana, ngati mgula wolimidwa bwino, ndipo kuchoka pa mzere umodzi kufika pa wina mwakwera mamita 10. Ndinawauza kuti agwiritse ntchito chala chachikulu, chomwe m'lifupi mwake ndi pafupifupi masentimita awiri. Chala chikakwana pakati pa mizere iwiri, kupendekeka ndi pafupifupi maperesenti 10. Mzere wina ukadutsa pakati pa chikhadabo, ndi pafupifupi 20. Mizere ikathithikana ngati mano a chipeso, kumeneko n'kokwera chokwawa. Ndipo pamene mizere yapindika n'kupanga nsonga yoloza kumtunda, pamenepo ndi khwawa, njira ya madzi.

Mitundu ndi itatu. Kubiriwira ndi pamene nambala ya samu ija yatsika pansi pa 2, chikasu ndi kuyambira 2 kufika 4.5, kufiira ndi kupitirira 4.5, ndipo manambalawa ndi a munda wa chimanga wolimidwa mwa masiku onse. Malire amenewa ndinaika ndine, nditayerekeza ndi zimene zinapezeka m'minda. Si lamulo la boma, ndipo munda wa 4.4 sunasiyane kwenikweni ndi wa 4.6 ngakhale wina ndi wachikasu wina wofiira. Pali mtundu wachinayi umene ndinautcha kubiriwira kwa ngongole: wobiriwira koma wodulidwa ndi timizere takuda. Amenewo ndi malo otsetsereka kwambiri amene akuoneka bwino chifukwa cha mitengo yokha. Tsiku limene mitengoyo idzasanduke makala, malowo adzafiira.

Tili mkati, bambo wina wachikulire anandikoka malaya n'kunong'ona kuti iwo kufiira ndi kubiriwira amakuona ngati chinthu chimodzi. Ndakhala pa ntchitoyi zaka zambiri ndipo vutoli ndimalidziwa, koma ndinaiwala. Tinatenga cholembera n'kulemba 1, 2, 3 pa zigawo za pepala lawo. Mapu achiwiri, amene ndinasindikiza msonkhano utatha, ndinawasintha kukhala chikasu chowala, lalanje ndi khofi wakuda, mitundu imene imasiyana ngakhale pa fotokope yakuda ndi yoyera.

Munda wa Mayi Nachisale

Nthawi yaitali ya msonkhano inathera pa munda umodzi, ndipo sindidandaula. Mayi Nachisale, amene amagwira ntchito ya m'nyumba kumpoto kwa mzinda, anapeza munda wawo uli wofiira, pamene wa alamu awo, umene uli pamwamba pafupi ndi msana wa phiri, uli wachikasu.

"Achimwene, mapu anuwa ali ndi tsankho," anatero. "Kwa alamu anga munthu umalima utapendekeka, khasu likakupulumuka umakalitola kumunsi. Kwanga mwana amatha kuseweretsa mpira. Wofiira ukhala wanga bwanji?"

Anthu anaseka, koma funsolo linali lenileni. Minda iwiriyi inali m'gulu la malo amene mphwanga anayeza ndi chingwe. Kwa alamuwo chingwe cha mamita 5 chinatsika masentimita 90, omwe ndi maperesenti 18. Kwa mayiwa chinatsika masentimita 60, maperesenti 12. Ndiye anali kunena zoona kuti kumtunda n'kotsetsereka kwambiri. Ndinawapempha kuti aike chala pa munda wa alamu awo n'kuyenda nacho kumtunda, modula mizere ya kontuwa, mpaka afike pamene mizere yayamba kutsikira mbali ina. Chala sichinayende n'komwe: mamita 30 okha. Kenako anaika chala pa munda wawo n'kuchita chimodzimodzi. Chinayenda pafupifupi masentimita asanu, mamita 240, kudutsa minda ya mabanja anayi, popanda mgula kapena mzere wa udzu woimitsa madzi.

Samu ija imapereka 3.4 kwa alamuwo ndi 5.1 kwa mayiwa. Munda wa kumtunda umalandira mvula yogwa pa iwo wokha. Wa Mayi Nachisale umalandira mvula yake kuphatikiza ya mabanja anayi, itatenga kale liwiro. Anakhala chete pang'ono, kenako anati n'chifukwa chake mizere yawo imaduka malo amodzimodzi chaka ndi chaka ngakhale aiunge yaikulu bwanji, ndipo mwana wawo amati mbatata imaonekera yokha mvula ikagwa.

Anafunsa ngati angousiya mundawo. Ndinati ayi, chifukwa mwa zinthu ziwirizi, kupendekeka simungakusinthe koma kutalika kwa mtsetse mukhoza kukudula. Mzere wa kalozera woyezedwa bwino ndi levulo, wodzalidwa vetiva wothithikana, umachititsa madzi kuyambanso ulendo wawo. Atati mtsetse wawo udulidwe mamita 20 alionse, nambala yawo ikutsika kuchoka pa 5.1 kufika pa 1.5. Koma ndinawachenjeza kuti samuyi ikuyesa kuti madzi a kumtunda aimitsidwa kale. Akamanga akalozera m'munda mwawo mokha, mzere woyamba udzalandira madzi onse a mamita 240, udzaphulika pamalo amodzi ofooka, ndipo madzi amene kale ankayenda chomwazikana adzatuluka pa mpata umodzi n'kukumba chigwembe. Mgula wophulika umawononga kuposa munda wopanda mgula. Ntchito imayambira pamwamba kutsika m'munsi, ndiye kuti munthu woyamba kulankhula naye ndi alamu awo omwewo. Apa holo yonse inafa nako kuseka, chifukwa zikuoneka kuti awiriwa sanalankhulane kuyambira pa nkhani ya mbuzi.

Kutalikirana kwenikweni kwa akalozera ndinati akagwirizane ndi alangizi a zaulimi kumudzi, amene adzaona dothi ndi maso. Mamita 20 ndinangowatenga ngati chitsanzo cha samu.

Pamene mapu ananama

Mphwanga anayendera malo 24 ndi foni, chingwe ndi mndandanda wa zizindikiro zoti ayang'ane: mizu ya mitengo yoonekera pamtunda, timiyala tokhala pamwamba pa timizati ta dothi, mchenga woyera wodikha m'makwawa a mizere, ndi timingalande todula mizere. Malo 19 anagwirizana ndi mapu. Asanu anatsutsa, ndipo asanuwo ndi amene anandiphunzitsa zambiri.

Awiri anali m'mbali mwa njira yopita kumjigo. Mapu amati wobiriwira, koma pali chigwembe chofika m'chiuno. Njira ndi yogangatika, madzi salowa pansi, ndipo imadula phiri mopingasa n'kusonkhanitsa madzi amene kompyuta ikuganiza kuti akutsika molunjika. M'lifupi mwake ndi mita imodzi, ndiye mu kabokosi ka mamita 30 siioneka. Wachitatu unali kumunsi kwa sukulu, kumene madzi a pa malata a midadada itatu amagwera malo amodzi. Wachinayi unali wofiira pa mapu koma nthaka ili bwinobwino, chifukwa mwini wake anadzala vetiva kalekale ndipo pakhala ngati masitepe.

Wachisanu unali m'mphepete mwa manda. Mapu anaonetsa mzere wofiira kuzungulira manda onse ngati pali phompho, pamene malowo ndi athyathyathya. Muyeso wa SRTM sufika pansi pamene pali mitengo yothithikana, umagunda m'masamba. Mitengo ya kumanda, imene palibe amaidula, yatalika kuposa minda yoizungulira, ndiye kompyuta inaiona ngati chitunda. Ndinakonza pamanja. Ndinakumbutsanso anthu kuti muyesowo ndi wa chaka cha 2000, choncho chigwembe chilichonse chimene chakumbika kuyambira pamenepo, kuphatikiza za Freddy, mulibe m'manambala amenewa. Zimene ndinazijambula pa mapu ndi mizere yakuda yokhuthala ndi zimene mphwanga anayenda m'mbali mwake foni ili m'manja.

Funso la puloti

Chakumapeto mnyamata wina woyendetsa galimoto zonyamula katundu analoza malo obiriwira bwino m'munsi mwa phiri, pakamwa pa khwawa lalikulu. Anati akumugulitsa puloti pamenepo, ndipo popeza mapu akuti wobiriwira, mawa atumiza ndalama.

Apa ndinaimitsa zonse n'kupempha a tcheyamani kuti anthu a matebulo onse atatu amvetsere. Mapuwa amaonetsa pamene dothi limachoka pang'onopang'ono ndi madzi oyenda pamwamba pa nthaka. Saonetsa pamene dothilo limakagwera, ndipo saonetsa napolo. Chigumukire chimayamba mwa njira ina: mvula ya masiku angapo imalowa pansi, dothi limakhuta madzi n'kulemera, kenako chigamba chonse chimasiyana ndi thanthwe la pansi n'kutsika ndi miyala ndi mitengo, motsata khwawa. Zoterezi zinachitika ku Phalombe mu 1991 ndi ku Soche mu 2023. Samu ya USLE sidziwa kuya kwa dothi, ming'alu ya m'thanthwe kapena madzi a pansi. Malo amene mnyamatayo analoza ndi obiriwira chifukwa ndi athyathyathya, ndipo ndi athyathyathya mwina chifukwa khwawalo lakhala likutayirapo katundu wake kwa zaka zambirimbiri.

Ndinamuuza kuti aike chala pa pulotiyo n'kutsata nsonga za kontuwa kumtunda. Chala chinakwera m'khwawa mpaka m'chigawo chofiira chachikulu kuposa zonse pa pepala. Ndinamufunsanso ngati pamalopo pali miyala ikuluikulu yokhala payokhapayokha, yosafanana ndi dothi loizungulira. Anati ilipo, ana amakhalapo poweta mbuzi. Mayi wina wachikulire anayankhira kumbuyo kuti agogo awo ankati miyalayo inabwera ndi madzi usiku umodzi. Sindinamuuze kuti asagule, chifukwa mapu anga alibe mphamvu yoweruza zimenezo. Ndinamuuza kuti asagule chifukwa cha mtundu wobiriwira, ndipo apeze wodziwa za miyala kapena a ku khonsolo kuti akaone malowo ndi maso ndalama isanachoke.

Ichi ndimachiwerengera ngati kulakwa kwanga kwachiwiri, ndipo n'chachikulu kuposa cha chithunzi cha Epulo. Mtundu wobiriwira kwa munthu aliyense umatanthauza kuti pita. Ndinaugwiritsa ntchito kutanthauza kuti dothi silichoka msanga pano, koma anthu a ku Joni nkhawa yawo yoyamba ndi nyumba, osati mizere. Pa mapu achiwiri ndinajambula makwawa onse ndi mzere wabuluu, ndinaika madontho pa malo athyathyathya a pakamwa pa makwawa, ndipo pamwamba ndinalemba ndi zilembo zazikulu kuti MAPU A MINDA, OSATI OSANKHIRA MALO OMANGAPO NYUMBA.

Msonkhano unagwirizana kuti ndalama zoyamba zigule mbewu ya vetiva ndi kulipira anyamata oyeza akalozera pa mtsetse wa mamita 240 uja, kuyambira pamwamba, komanso kuti njira ya kumjigo ipatsidwe timipata totulutsira madzi pafupipafupi kuti asamasonkhane. Mapu achiwiri tinawakuta ndi pulasitiki n'kuwapinda mu paipi, ndipo anapita ndi mayi wina amene anakwera basi ku Park Station kumayambiriro kwa Okotobala. Limodzi linapita kwa amfumu, lina kwa alangizi, lachitatu kusukulu. Mphwanga ndinamuuza kuti akhome zikhomo zachitsulo m'minda isanu ndi umodzi, iwiri pa mtundu uliwonse, n'kuika chizindikiro cha penti pamene dothi likulekeza, kuti mvula ikadzatha tidzayeze ndi lula kuti latsika masentimita angati.